Mmene Mungatsegulire Mwambo Wokumbukira Malemu Kuntchito

Maliro a mnzathu wa kuntchito nthawi zambiri amakaikidwa kumudzi, ndipo operekeza amakhala ochepa, okhawo amene akwana m'galimoto imene kampani yapereka. Ngati malemu anali Msilamu, ena amamva uthenga thupi litalowa kale m'manda, poti Asilamu sachedwetsa maliro. N'chifukwa chake malo ena a ntchito amapatula tsiku, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, loti onse asonkhane pamodzi ndi abanja n'kukumbukira mnzawoyo. Amene wapemphedwa kuyendetsa mwambo ndiye amayamba kulankhula, ndipo malangizo awa ndi a mphindi zitatu zoyambirirazo makamaka, komanso a mmene angayendetsere mwambo wonse.

Mawu otsegulira ali ndi ntchito zitatu: kutchula amene tasonkhanira, kulandira anamfedwa, ndi kuuza anthu amene alankhule komanso nthawi imene mwambo uthere. Mbiri ya malemu si yanu, alipo oinena. Ulaliki si wanu, abusa kapena ashehe abwera. Woyendetsa mwambo akayamba kufotokoza mmene ankachezera ndi malemu, amakhala wadyera anzake mawu, ndipo wolankhula woyamba amaimirira n'kuyamba ndi "zambiri anena kale anzangawa".

Tiyerekeze kuti muli pa kampani ina ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. Amene atisiya ndi dalaivala wa galimoto yaikulu, tiwatchule Bambo Uje, amene anayamba ntchito pamenepo mu 2011. Anamwalira atadwala kanthawi kochepa, ndipo anakaikidwa kwawo ku Ntcheu Lamulungu lapitalo. Mwambo ukhala Lachinayi mu kantini, kuyambira 3 koloko masana, ndipo mabwana apereka mphindi 45.

Choyamba: lankhulani ndi abanja musanalembe chilichonse

Fayilo ya ku ofesi yoona za antchito ikupatsani dzina, tsiku loyamba ntchito ndi udindo. Zotsalazo zili ndi abanja, ndipo n'zimene zimachititsa manyazi zikalakwika. Imbani foni kudakali masiku awiri kapena atatu. Musayambire kwa mayi wamasiye ndi mafunso ambirimbiri. Funsani amene anapita kumaliro kuti analankhula m'malo mwa banja ndi ndani, ndipo muimbire ameneyo. Mukatha kupepesa, funsani zinthu izi.

Dzina lonse la malemu, ndi katchulidwe kake. Kuntchito munthu akhoza kudziwika zaka khumi ndi dzina la nthabwala kapena la kumene amachokera, mpaka anzake kuiwala dzina lenileni. Pamaso pa akazi awo ndi ana awo tchulani dzina lenileni, ndipo ngati abanja amagwiritsa ntchito mfunda, monga Phiri kapena Banda, kapena Naphiri ndi Nabanda kwa amayi, funsani ngati angakonde kuti utchulidwe. Dzina la kuntchito lija lisiyireni mnzawo amene adzanene mbiri. Pakamwa pa iye limamveka chikondi, pamene pakamwa pa wotsegula mwambo limamveka chibwana.

Amene abwere, ndi ubale wawo kwa malemu. Apa samalani kwambiri. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, amene amatsata mbumba ya kuchikazi, woimira banja kawirikawiri amakhala malume, mwinimbumba. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, mawu amakhala ndi a kuchimuna, achimwene a malemu kapena abambo aang'ono. Musaganizire nokha potengera boma limene munthu amachokera, poti mabanja a m'tauni asakanikirana. Ingofunsani kuti, "Kodi olankhula m'malo mwa banja akhala ndani, nanga tiwatchule kuti ndi ndani wawo wa malemu?" Ngati kubwera mbali zonse ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi, muzilandire zonse potsegula ngakhale wolankhula akhale mmodzi. Mbali imene yasiyidwa siidandaula pomwepo, koma nkhaniyo imakafika kumudzi.

Za akazi ndi ana. Fayilo ikhoza kunena kuti ana ndi atatu pamene kumaliro kunaimirira asanu. Pena pali mitala imene kuntchito simunkaidziwa. Ngati chiwerengero sichinachokere pakamwa pa woimira banja, musachitchule. "Ana onse a malemu" ndi mawu okwanira, ndipo savulaza aliyense.

Chimene chinatenga moyo wawo. Funso lanu si lakuti anadwala chiyani, koma lakuti abanja akufuna munene chiyani. Ambiri amakhutira ndi "atadwala kwa kanthawi kochepa" kapena "atadwala kwa nthawi yaitali". Dzina la matenda si lotchula inu, ngakhale aliyense pa kampani akulinong'ona. Ngati munthu anadzipha, nenani kuti "anatisiya mwadzidzidzi" n'kulekera pomwepo. Ngati anamwalira pa ngozi ya pantchito pomwepo, nenani tsiku ndi malo okha. Mawu oti "ngozi yosapeweka" kapena "linali tsiku lawo" amamveka ngati kampani ikusamba m'manja, pamene mwina a ofesi ya zantchito akufufuzabe ndipo nkhani ya chipukutamisozi siinathe. Anzawo amene anaona ngoziyo ali mu kantini momwemo, akumva.

Chipembedzo chawo. Izi zimakuuzani woitana kuti apemphere komanso mawu oyenera. "Mzimu wawo uuse mumtendere" ndi mawu ozolowereka, ndipo Akatolika ndi ena ambiri amawalandira bwino. Koma "tikudziwa kuti panopa ali kumwamba" si chikhulupiriro cha aliyense: a Seventh Day ndi a Mboni za Yehova amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka. A Mboni sachita nawonso mapemphero ophatikiza zipembedzo, choncho ngati banja ndi la Mboni, funsani ngati akufuna pemphero n'komwe. Kwa banja la Chisilamu, itanani ashehe kapena mnzanu wa Chisilamu kuti achite duwa, ndipo musayambitse nyimbo ya kwaya musanawafunse.

Chachiwiri: ikani olankhula m'ndondomeko, ndipo aliyense adziwe mphindi zake

Mu mphindi 45 mungakwane olankhula anayi, mapemphero awiri ndi nyimbo imodzi. Kuposa apo mwambo umadya nthawi yoweruka, anthu n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi kuthamangira maminibasi woimira banja akulankhula, zimene ndi chipongwe chachikulu kuposa kusakonza mwambo n'komwe.

Pa mwambo wa Bambo Uje ndondomeko ingakhale iyi: pemphero lotsegulira, dalaivala mnzawo amene ankayenda nawo maulendo, wapampando wa komiti yoona za chisamaliro cha antchito, bwana wamkulu, woimira banja, pemphero lotsekera.

Pali mfundo imene anthu amatsutsana. Mwa chizolowezi chathu, wamkulu ndiye amalankhula pomaliza, ndipo pa misonkhano ya kampani ameneyo amakhala bwana wamkulu. Ine ndimaona kuti pa mwambo uwu bwana atsekere mbali ya kampani, koma mawu omaliza akhale a banja. Chifukwa chake n'chakuti woimira banja amabwera kudzayankha: kuthokoza chifukwa cha bokosi, galimoto ndi chipepeso, ndi kulandira zimene zanenedwa. Sangayankhe mawu amene sanamve. Auzeni abwana zimenezi kudakali nthawi kuti asadabwe pagulu.

Aliyense wolankhula muonane naye pamaso kapena pafoni, mumuuze kuti ali ndi mphindi zisanu, ndipo mumufunse mmene akufuna kutchulidwira. Uthenga wa pa gulu la WhatsApp sukwanira, chifukwa munthu amatha kuona dzina lake osayankha, inu n'kuyesa kuti wavomera. Mayi wamasiye musawaike pa pulogalamu pokhapokha atapempha okha.

Chachitatu: lembani mawuwo, onse

Ngakhale muli munthu wozolowera kulankhula pa maukwati ndi pa zinkhoswe, apa lembani liwu ndi liwu. Chisoni chimaiwalitsa, ndipo munthu akaiwala amadzaza mpata ndi mawu amene sanawaganizire. Nawa mawu amene angatsegule mwambo wa Bambo Uje:

"Zikomo anzanga nonse, tikhale pansi kuti tiyambe.

Mayi Uje ndi ana onse a malemu, amalume amene mwatsogolera banja, achibale a mbali zonse ziwiri, abusa, abwana athu, ndi anzanga ogwira nawo ntchito, landirani ulemu wanu.

Tasonkhana masana ano kuti tikumbukire mnzathu, malemu Bambo Uje, amene anatisiya Lachisanu lapitali atadwala kwa kanthawi kochepa, ndipo anaikidwa m'manda kwawo ku Ntcheu Lamulungu. Bambo Uje anagwira ntchito pano ngati dalaivala kuyambira chaka cha 2011. Ambiri a ife sitinathe kukawaperekeza, n'chifukwa chake tapatula nthawi ino.

Kwa inu abanja, pepani. Tikuthokoza kuti mwavomera kubwera pakati pathu misozi isanaume. Kuno ndi kumene bambo ankakhala tsiku ndi tsiku, choncho khalani omasuka.

Mwambo wathu ukhala waufupi. Abusa atitsegulira ndi pemphero. Kenako timva kwa mnzawo amene ankayenda nawo maulendo, kwa wapampando wa komiti yathu ya chisamaliro, ndi kwa abwana aakulu. Pomaliza amalume atilankhula m'malo mwa banja. Tikhala titamaliza isanakwane 4 koloko. Mafoni athu tiwatseke mawu, ndipo zithunzi tisajambule.

Tsopano ndipemphe amene tingathe kuti tiimirire, tikhale chete kwa mphindi imodzi pokumbukira Bambo Uje."

Mawu amenewa, powawerenga modekha, sapitirira mphindi ziwiri. Taonani zingapo zimene zachitika mmenemo.

Abanja atchulidwa poyamba, mabwana pambuyo. Pa msonkhano wina uliwonse wa kampani mungayambe ndi bwana wamkulu n'kumatsika, koma lero alendo olemekezeka ndi anamfedwa. Ndipo mndandanda wa maulemu wafupikitsidwa m'magulu. Mukayamba kutchula mkulu wa dipatimenti iliyonse ndi dzina ndi udindo wake, mphindi zitatu zimatha dzina la malemu lisanamveke, komanso simulephera kuiwala mmodzi. Amene alankhule adzamva mayina awo powaitana.

Dzina la malemu lamveka msanga, ndipo labwerezedwa. Olankhula ena amazemba dzina, kumangoti "mnzathu uja" kapena "malemuwa" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Abanja anayenda ulendo kudzamva kuti bambo wawo ankadziwika pano.

Pa moyo wa malemu pangonenedwa ntchito ndi chaka choyamba. Palibe "anali munthu wolimbikira, wansangala, wokonda anzake". Mawu otere akanenedwa ndi wotsegula amakhala opanda umboni, pamene dalaivala mnzawo adzafotokoza za usiku umene galimoto inawafera pamsewu wa M1, anthu n'kuona okha kuti anali munthu wotani.

Mulibenso mwambi. Miyambi ya maliro ilipo yambiri, koma ina ikalowa m'khutu la namfedwa imaluma. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" ndi chenjezo kwa amoyo, osati chitonthozo kwa mayi amene waika mwamuna wake masiku anayi apitawo. Ngati amalume kapena abusa afuna kuponya mwambi, msinkhu ndi udindo zikuwalola.

Za ndalama mulibe. Penshoni, inshuwalansi ndi malipiro otsala ndi nkhani ya mu ofesi, pakati pa oona za antchito ndi amene malemu anawalembetsa. Mukangotchula pagulu kuti "kampani ipereka zonse zoyenera kwa mayi", mwina mwayatsa moto pakati pa achibale amene akhala benchi limodzi. Chipepeso chimene antchito asonkha chiperekedwe ndi wapampando wa komiti pa nthawi yake, ndipo mugwirizane ndi abanja ngati kuchuluka kwake kulengezedwe kapena envulopu ingoperekedwa.

Nkhani ya zithunzi ndi ya abanjanso. Ngati avomera, sankhani munthu mmodzi wojambula ndipo musinthe chiganizo chija choletsa kujambula. Chimene mukupewa n'chakuti nkhope ya mayi akulira izungulire pa mafoni asanafike n'kunyumba komwe.

Pa chilankhulo, tsatani abanja. Kampani ikhoza kukhala yoyendetsa misonkhano m'Chingerezi, koma ngati amalume ndi mayi achokera kumudzi, tsegulani m'Chichewa. Bwana amene samva Chichewa mumuikire munthu pambali womunong'oneza, ndipo iye akamalankhula pakhale womasulira amene mwamukonzeratu. Kunena chiganizo chilichonse kawiri inu nokha kumatalikitsa mawu anu kawirinso.

Chachinayi: kuitana wolankhula aliyense

Potsegula munangotchula olankhula mwa maudindo. Nthawi yawo ikafika, aliyense mumuitane ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri: dzina, udindo, ndi chimene chikumulumikiza kwa malemu. Chachitatuchi ndicho chofunika, poti chimauza abanja chifukwa chimene munthuyu waimirira.

"Tsopano timve kwa Bambo Akutiakuti, dalaivala mnzawo, amene ayenda limodzi ndi malemu kwa zaka zambiri."

"Ndiitane abwana athu aakulu, Mayi Akutiakuti, kuti alankhule m'malo mwa kampani."

"Mwaulemu ndipemphe amalume a malemu, Bambo Akutiakuti, kuti atilankhule m'malo mwa banja."

Madigiri a abwana, zaka zimene atsogolera kampani ndi zimene achita pa chitukuko chake, zonsezo zidikire tsiku lina. Musapemphe anthu kuwomba m'manja polandira wolankhula. Akamaliza, nenani "zikomo" n'kuitana wotsatira, osabwereza zimene wanena kapena kuthirira ndemanga. Maudindo a zipembedzo muwatchule molondola: abusa ku mipingo ngati CCAP, bambo mfumu kwa wansembe wa Katolika, ashehe kwa Asilamu. Ngati wobwera ndi mkulu wa mpingo chabe, musamukweze kukhala mbusa, amachita manyazi ndipo amayamba ndi kukukonzani.

Chachisanu: yeserani, ndipo fikani msanga

Werengani mawu anu mokweza kawiri kapena katatu muli ndi wotchi. Akapitirira mphindi zitatu, dulani. Malo amene mawu anu akunjenjemera poyeserera ndi omwewo adzakuvuteni pagulu, ndipo kawirikawiri ndi pa dzina la malemu ndi pa "pepani". Ikani chizindikiro pamenepo choti mupume. Lembani papepala ndi zilembo zazikulu, osati pafoni, poti foni imazima kapena kulira pakati pa chiganizo, komanso munthu woyang'ana pafoni amaoneka ngati maganizo ake ali kwina.

Tsikulo fikani kudakali theka la ola. Yesani maikolofoni, ndipo dziwani pamene mudzaime magetsi akazima kuti akumbuyo amve. Abanja akafika, apatseni moni pamene akhala, mutsimikize mayina ndi maubale kachiwiri, chifukwa amene analonjeza kubwera si nthawi zonse amene amabwera. Akhale kutsogolo, pafupi ndi khomo lotulukira, ndipo pafupi ndi mayi pakhale amayi anzawo awiri a pa kampani.

Poyamba, musamenye maikolofoni kapena kufuula kuti anthu akhale chete. Imirirani pamalo panu, dikirani pang'ono, phokoso limatsika lokha. Mphindi ya chete ija ikhale mphindi yeniyeni. Mukaima kutsogolo masekondi 20 amaoneka ngati nthawi yaitali, ndiye yang'anani wotchi mwakachetechete. Ikatha nenani "zikomo, tikhale pansi", n'kuitana opemphera.

Zikapanda kuyenda monga munakonzera

Abwana aakulu akachedwa, abanja atakhala kale, dikirani mphindi khumi basi, kenako yambani. Malo awo pa ndondomeko ali chakumapeto, awapeza. Akapanda kufika, wachiwiri wawo alankhule, ndipo inu mungonena kuti "m'malo mwa kampani atilankhula Bambo Akutiakuti" popanda kufotokoza kumene abwana atsalira. Abanja akachedwa ndiye dikirani ndithu, muwaimbire, ndipo muuze anthu nthawi yatsopano yoyambira.

Pena banja limabwera ndi munthu amene simunamuyembekezere, monga amfumu a kumudzi kwawo kapena amayi a Chigwirizano atavala yunifolomu. Alowetseni pa maulemu, amfumu patsogolo pa achibale ena. Zoti alankhule kapena ayi, funsani woimira banja chapansipansi mwambo usanayambe. Akati amfumu alankhule, aikeni pambuyo pa amalume, ndipo muchotse nyimbo kuti nthawi ikwane.

Mayi kapena mwana akayamba kulira mokweza inu mukulankhula, imani. Musakweze mawu kuti mupose kulirako, ndipo musanene kuti "limbani mtima" pa maikolofoni. Amayi aja ali pafupi achita mbali yawo. Kulira kukatsika, pitirizani pamene munalekera. Misozi ikakugwirani inuyo, chitani chimodzimodzi: yang'anani papepala, pumani, nenani "pepani" kamodzi, n'kupitiriza. Ngati mukudziwa kuti malemu anali mnzanu wapamtima, perekani pepala lachiwiri kwa mnzanu wokhala kutsogolo amene angamalize kuwerenga, kapena pemphani kuti ntchito yotsegula apatsidwe wina, inu mukhale wonena mbiri.

Mukalakwitsa dzina kapena ubale, mudzadziwa msanga, chifukwa benchi la abanja limayamba kuyang'anana kapena wina amakonza chapansipansi. Konzani pomwepo ndi mawu ochepa: "Pepani, ndi achimwene awo a malemu, osati amalume." Wolankhula akatalikitsa, musamulande maikolofoni. Imirirani pamalo poti akuoneni, ndipo akapitirizabe sendererani pafupi pang'ono. Woimira banja yekha ndiye musamudule ngakhale adutse mphindi zake. M'malo mwake nong'onezani abusa kuti pemphero lotsekera likhale lalifupi, ndipo zolengeza za kampani zimene munasungira kumapeto muzitumize mawa lake.